Setifiketi zitatu pakhoma, koma kodi ali ndi chilolezo chosunga ndalama za anthu?

Nabanda: Abale anga pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Mayi anga atapuma pa ntchito ya uphunzitsi analandira kangachepe, ndiye K500,000 akaiika ku kampani ina yomwe yatsegula ofesi pa boma kwathu. Akuti mwezi uliwonse azilandira 20 peresenti, mpamba wawo ukhala pomwepo. Mwezi woyamba alandiradi K100,000, pa foni. Pano akufuna kuonjezera K1,500,000 yomwe amasungira malata ndi simenti. Ine mtima wanga sukukhazikika. Dzulo ndinapita nawo ku ofesiko, ndinafunsa ngati ali olembetsedwa, mnyamata wa pa kauntala anandilozera mafelemu atatu pakhoma. Ndinajambula. Imodzi yalembedwa Certificate of Incorporation, ina ndi ya MRA ili ndi TPIN, yachitatu ndi layisensi ya bizinesi ya ku khonsolo. Kodi zimenezi n'zokwanira?

Madalitso: Achemwali, ngati ali ndi ya Registrar General komanso TPIN ndiye kuti boma likuwadziwa. Akuba salembetsa msonkho. Ine ndikuona ngati palibe vuto, chongofunika n'kuona ngati ya khonsoloyo ili ya chaka chino.

Bambo Kachingwe: A Madalitso, pang'ono pokha. Boma likuwadziwadi, koma likuwadziwa ngati ndani? Ine ndagwira ntchito ya mabuku mu SACCO zaka zambiri ndisanapume, ndiye ndiloleni ndinenepo.

Setifiketi yoyambayo ili ngati chiphaso cha kubadwa. Imangonena kuti kampani yakutiyakuti inabadwa tsiku lakuti, nambala yake ndi iyi. Ine ndi inu titha kulembetsa kampani sabata ino, yogulitsa makasu, tilandira pepala lomwelo. Ya MRA ikunena kuti ali m'kaundula wa okhoma msonkho. Ya khonsolo ikunena kuti aloledwa kutsegula chitseko pamalo pamenepo, ngati mmene amalolera wa golosale kapena wometa. Pa mapepala atatuwo palibe ngakhale limodzi lomwe likunena kuti aloledwa kulandira ndalama za anthu n'kuzisunga ndi lonjezo lobweza ndi chiwongoladzanja. Chilolezo chimenecho chimachokera ku ofesi imodzi yokha, ya Registrar of Financial Institutions, ndipo Registrar ameneyu ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Lamulo lake lalikulu ndi Financial Services Act ya 2010.

Munthu kukhala ndi chiphaso cha unzika sindiye kuti ali ndi layisensi yoyendetsa basi.

Madalitso: Chabwino akulu, ndamva. Koma si kuti Reserve Bank imayang'anira mabanki okha? Awa sakudzitcha banki.

Bambo Kachingwe: Apo ndi pomwe ambiri amagwera. Lamulo siliyang'ana dzina lomwe mwalemba pa chikwangwani, limayang'ana zomwe mukuchita. Registrar amayang'anira mabanki, makampani a inshulansi, a penshoni, ma SACCO, obwereketsa ndalama ang'onoang'ono, ngakhale ogulitsa masheya. Ukatenga ndalama kwa anthu wamba n'kuwauza kuti udzawabwezera ndi phindu, walowa m'munda mwake, kaya ukudzitcha kalabu, kaya pulojekiti, kaya utumiki.

Mayi Nyirenda: Ine nkhani iyi ikundikumbutsa za chaka chija. Kampani ina inabwera kudzera kutchalitchi kwathu, oyambitsa ake anali anthu opemphera bwino, oimba nawo kwaya. Tinaika amayi khumi ndi awiri. Miyezi itatu yoyamba zinkabwera pa tsiku lake lenileni, mwezi wachinayi anati netiweki, wachisanu anati abwana ali kunja, wachisanu ndi chimodzi tinapeza ofesi ikugulitsa matayala. Setifiketi anali nazo, zokongola, za felemu ya golide. A Nabanda auzeni mayi ndalama ya malata isatuluke m'nyumba.

Nabanda: Ndiwauza, koma mukuwadziwa makolo, akuti ine ndine wa nsanje chifukwa sindinaikeko. Ndikufuna ndiwasonyeze umboni osati mawu anga okha. A Kachingwe, ndingafufuze bwanji kwenikweni? Ndiyambire pati?

Bambo Kachingwe: Yambani ndi dzina. Osati la pa chikwangwani kapena pa tisheti, koma dzina lonse monga lalembedwera pa setifiketi munajambula ija, mpaka mawu omaliza. Kenako tsegulani tsamba la Reserve Bank, rbm.mw, mufufuze mndandanda wa mabungwe omwe ali ndi chilolezo. Amaugawa malinga ndi mtundu wa ntchito, ndipo nthawi zina Registrar amausindikizanso m'nyuzipepala. Mbali ya mabanki simuchedwapo chifukwa ndi owerengeka: National Bank, Standard Bank, FDH, NBS, First Capital, Ecobank, CDH ndi Centenary. Awo anuwo sali pamenepo, ndikudziwa kale. Ndiye muone mbali ya mabungwe ang'onoang'ono a ngongole ndi ya ma SACCO.

Mukapanda kuwapeza musathamangire kunena kuti ndi akuba, chifukwa mndandanda wa pa intaneti umatha kutsalira m'mbuyo. Mukawapeza musathamangirenso kusangalala, pa chifukwa chomwecho: chilolezo chimatha kulandidwa dzina likadali pa pepala lakale. Chotsimikizira ndi kufunsa Reserve Bank yeniyeniyo, ali ndi ofesi ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Nambala ya foni muitenge pa tsamba lawo, musaimbe nambala yomwe akupatseni a kampaniwo kuti "imbani apa mutsimikize". Wokuyankhaniyo atha kukhala mlamu wake wa mwini kampani.

Komanso bwererani ku ofesiko mukanene mawu awa: ndikufuna kuona layisensi yochokera kwa Registrar of Financial Institutions. Muone nkhope zawo.

Chikondi ku Joni: Kuno n'chimodzimodzi. Kampani ya zandalama imayenera kukhala ndi nambala ya chilolezo yotchedwa FSP, umailemba pa tsamba la FSCA, bungwe loyang'anira makampani a zandalama kuno, n'kuona dzina ndi ntchito zomwe yaloledwa. Koma anyamata ena amangokopera nambala ya kampani ya eni ake n'kuiika pa chikalata chawo. Mnzanga wa ku Nkhotakota anafufuza nambala, anaipeza ilipo, osaona kuti dzina ndi lina. Ndiye nambala yokha musaikhulupirire.

Che Wisiki: Pepani ndalowa mochedwa. Layisensi imene mukunenayi ndi ya golide? Ine ndimafuna ndidziwe kuti amatenga kuti, kuno ku Makanjira anthu akugula golide pa sikelo pansi pa mtengo.

Madalitso: Che Wisiki werengani kuchokera pamwamba, tikukamba za ndalama za mayi a Nabanda.

Nabanda: Ayi asiyeni, afika pa nthawi yake. Ndangobwera kumene ku ofesi kuja ndipo nkhani ya golide ilimo. Ndinanena mawu aja monga munandiuzira. Mnyamata uja anakaitana abwana, bambo wa suti, anandipatsa mpando ndi botolo la madzi. Anati phindu la 20 peresenti limachokera ku golide yemwe amagula ku Mangochi n'kugulitsa kunja. Kenako anatsegula diloo n'kutulutsa fotokope, osati yeniyeni, yokhala ndi chidindo cha Reserve Bank. Sanalole kuti ndijambule koma ndinawerenga bwinobwino. Inalembedwa Microcredit Agency. China chomwe ndinaona, dzina pa fotokopeyo likuthera ndi Finance Limited pomwe la pakhoma likuthera ndi Investments Limited. Mawu oyamba ndi amodzimodzi. Nditafunsa anati ndi makampani apachibale.

Madalitso: Ndiye ali nachotu chilolezo cha Reserve Bank. Mwina tawaweruza msanga.

Bambo Kachingwe: A Nabanda mwagwira ntchito, maso anu ndi akuthwa. Tiyeni tiyerekeze kuti fotokopeyo ndi yoona, sanaipange pa kompyuta. Ngakhale zitatero, pali mabowo awiri.

Loyamba ndi mtundu wa chilolezo. Microfinance Act ya 2010 inagawa mabungwewa m'magulu atatu. Gulu la pansi ndi lomwe mwawerengalo, ntchito yake ndi kubwereketsa basi, ndalama zichoke kwa iwo kupita kwa anthu. Gulu lachiwiri ndi lokulirapo koma nalonso silisunga ndalama za anthu wamba. Lachitatu lokha, lomwe pa pepala limalembedwa Deposit Taking Microfinance Institution, ndi lomwe limaloledwa kulandira ndalama zosungitsa, ndipo kuti ufike pamenepo amafuna mpamba wokulirapo, amafufuza mbiri ya eni ake ndi oyendetsa, komanso umapereka malipoti pafupipafupi. Oterewa m'dziko muno ndi ochepa kwambiri. Ndiye abwana anuwo akusonyezani chilolezo chotulutsa ndalama pomwe iwo akulowetsa. Wa layisensi ya njinga yamoto wanyamula anthu pa lole.

Bowo lachiwiri ndi dzina. Chilolezo sichibwerekanidwa ngati khasu. Chimaperekedwa kwa kampani imodzi, ya nambala imodzi. Kampani yapachibale ndi munthu wina pamaso pa lamulo, ngakhale eni ake atakhala amodzimodzi. Tayang'anani lisiti ya mayi kapena mgwirizano omwe anasayina, palembedwa dzina liti? Ndipo K500,000 ija anaipereka bwanji, mu akaunti ya kampani kapena pa nambala ya munthu?

Nabanda: Lisiti ili ndi dzina la Investments lija. Ndalama anapereka pamanja K200,000, yotsalayo anatumiza pa foni. Ndaona uthenga wake, dzina lomwe linatuluka ndi la munthu, mzimayi. K100,000 ya phindu ija inachokeranso pa nambala ya munthu wina.

Bambo Kachingwe: Basi. Bungwe lovomerezeka sililandirira ndalama za makasitomala pa nambala ya mlongo wake wa abwana. Uthenga umenewo musafufute, muujambule, musungenso pena.

Mayi Nyirenda: Ifenso zinali choncho, tinkatumiza kwa msungichuma wa kwaya.

Aphunzitsi Gondwe: Ine ndingoonjeza masamu, poti ndi ntchito yanga. 20 peresenti pa mwezi ndi 240 peresenti pa chaka ngati ukutenga phindu mwezi ndi mwezi. Ukamalisiya momwemo kuti lizibereka, K500,000 imafika pafupifupi K4,460,000 pakutha pa miyezi 12. Mu 2024 chiwongoladzanja chomwe Reserve Bank imaika ngati muyezo chinali 26 peresenti, pa chaka chathunthu. Ndiye funso langa: munthu amene ali ndi bizinesi ya golide yopindula chonchi, bwanji osakatenga ngongole ku banki, yomwe ingamutsikire kutali ndi 240, m'malo movutitsa agogo opuma pa ntchito? Yankho ndi loti banki ingamufunse mabuku.

Madalitso: Koma aphunzitsi, akatapila amabwereketsa pa 50 peresenti pa mwezi ndipo anthu amabweza. Ngati kampaniyo ikubwereketsa motero, 20 peresenti ingathe kulipira.

Aphunzitsi Gondwe: Wakatapila amazungulitsa K300,000 yake pakati pa anthu khumi omwe amawadziwa pakhomo pawo. Muyese kuchita zimenezo ndi ndalama za anthu a m'boma lonse muone ngati obweza apezeke. Komanso iwowa sananene za ngongole, anena za golide.

Che Wisiki: Eya, ndiye mwafika kwanga. Golideyo akuti amagula kuti? Chifukwa kuno ogula timawadziwa nkhope.

Bambo Kachingwe: Za migodi si gawo langa kwenikweni, koma ndi khomo lina losiyana. Lamulo lomwe likugwira ntchito ndi Mines and Minerals Act ya 2023, ndipo linakhazikitsa bungwe loona za zilolezo, Mining and Minerals Regulatory Authority. Kumenekonso zilolezo zili m'mitundu. Chofufuza miyala si chokumba, chokumba si chogula ndi kugulitsa. Ogula miyala ya mtengo wapatali amayenera kukhala ndi chomwe chimatchedwa Reserved Minerals Licence, ndipo kutumiza kunja kumafunanso chilolezo chake. Anthu ambiri anapusitsidwapo ndi munthu wonyamula layisensi yofufuza, n'kumati ali ndi mgodi. A Nabanda mutha kuwafunsa pepala la golidelo, koma dziwani kuti ngakhale atalitulutsa, lenileni, lokhala ndi dzina lawo, silikuwapatsa mphamvu yosunga ndalama za mayi. Bungwe la migodi silipereka chilolezo cha ntchito ya banki.

Che Wisiki: Ndiye ine ndikafunse ku Lilongwe. Zikomo akulu. Koma a pansi pa mtengowa ndikukayika ngati ali ndi kalikonse.

Mayi a Tadala: Ndili ndi funso losiyana pang'ono, musandiseke. Ife pagulu lathu la ngongole, bungwe lomwe limatibwereketsa limatiuza kuti tiyambe taika kaye gawo lina la ndalama tisanalandire ngongole. Ndiye kuti nawonso akuphwanya lamulo? Nanga banki m'khonde yathu ija, timasunga ndalama sabata iliyonse, tilibe pepala lililonse.

Bambo Kachingwe: Palibe choseketsa. Ndalama yomwe mumaika musanatenge ngongole imakhala ngati chikole, yomangirizidwa ku ngongoleyo, ndipo ndi yosiyana ndi kuitana aliyense wodutsa mumsewu kuti adzasungitse kuti alandire phindu. Komabe funsani kuti bungwelo lili m'gulu liti mwa atatu aja, ndi ufulu wanu.

Banki m'khonde ndi anthu odziwana, akusunga ndi kubwerekana ndalama zawo zomwe, bokosi likutsegulidwa onse akuona, kumapeto kwa chaka n'kugawana. Vuto limayamba gulu likayamba kulandira ndalama za anthu akunja omwe sabwera ku msonkhano, kapena munthu mmodzi akatenga mabokosi a magulu khumi n'kumati ndikuzungulitsirani. Pamenepo sikulinso kukhonde.

Aphunzitsi Gondwe: Pa mfundo iyi ine sindikugwirizana nanu kwathunthu. Pali magulu ena a m'tauni omwe amazungulitsa mamiliyoni ambirimbiri, mamembala sadziwana n'komwe, amangokumana pa foni. Dzina ndi banki m'khonde koma kukula kwake ndi kwa SACCO. Malire ali pati?

Bambo Kachingwe: Funso labwino, ndipo ine ndinganene kuti gulu likafika pamenepo lingolembetsa ngati SACCO. Koma nayonso SACCO ili ndi makomo awiri, anthu amaiwala. Imalembetsedwa ngati kopaletivi ku unduna wa zamalonda, kenako imafunika chilolezo cha Registrar pansi pa Financial Cooperatives Act ya 2011. Setifiketi ya kopaletivi yokha ili ngati ija ya pakhoma ija. Ndipo SACCO imasunga ndalama za mamembala ake, osati za aliyense.

Aphunzitsi Gondwe: Simunandiyankhe za malire, koma tizikambirananso.

Madalitso: Ine ndavomera kuti ndinaphonya. Koma ndifunse, chilolezocho chimateteza chiyani kwenikweni? Banki ya chilolezo singagwe?

Bambo Kachingwe: Itha kugwa, ndipo chilolezo chitha kulandidwa. Akuluakulu akukumbukira Finance Bank, Reserve Bank inailanda chilolezo mu 2005. Kusiyana kwake n'koti pamakhala wina woyang'ana mabuku zinthu zisanafike poipa, pamakhala kokadandaula, ndipo ikagwa pamakhala dongosolo logawira zotsala. Kuyambira 2023 kulinso Deposit Insurance Corporation yomwe imabweza mpaka K3,000,000 kwa wosungitsa aliyense banki ikagwa. Inayamba ndi mabanki, ndiye kwina konse muzifunsa ngati ali m'ndondomekoyi, musangoganiza. K500,000 ya mayi ikanakhala ku banki ikanakhala mkati mwa chitetezo chimenecho. Komwe ili panoku, chitetezo chake ndi mtima wa bambo wa suti uja.

Chikondi ku Joni: Nanga ma ejenti a mabanki m'magolosale? Ine ndimatumiza ndalama kumudzi, mayi amakaika kwa ejenti. Iyeyo alibe layisensi ya Reserve Bank pakhoma.

Bambo Kachingwe: Ejenti amagwira ntchito pansi pa chilolezo cha banki yomwe yamutuma. Chizindikiro chake n'chosavuta: mayi akaika ndalama, uthenga wochokera ku banki ubwere pa foni yawo nthawi yomweyo, ndalama ioneke mu akaunti yawo. Akangolemba m'kope n'kunena kuti tidzalowetsa mawa, atenge ndalama yawo abwerere. Mukakayika funsani ku nthambi ya bankiyo ngati ejentiyo ndi wawo.

Nabanda: Ndabweranso abale. Ndinafufuza pa mndandanda uja. Dzina la Investments palibe paliponse. La Finance ndinalipezadi pa gulu la obwereketsa, koma adilesi yake ndi ya mzinda wina, kutali ndi kwathu. Ndinaimba ku Reserve Bank, anandilumikiza ndi a madandaulo a ogula, anandiuza ndilembe kalata yofotokoza zonse ndi kuikamo zithunzi za lisiti ndi mauthenga. Ndalemba, ndatumiza dzulo.

Mayi ndinawawerengetsa zomwe munalemba a Kachingwe, ya njinga yamoto ndi lole ija anaseka, kenako anakhala chete nthawi yaitali. K1,500,000 sanapereke, dzulo lomwelo tinakagula malata 30 kuti ndalama isamawayabwe m'manja. Koma za K500,000 zavuta. Tinapita kukapempha mpamba, akuti pamafunika kudziwitsa masiku 90, zomwe pa lisiti palibe, ndipo akuti tikachotsa tsopano adula K100,000 ija analandira kale kuphatikizapo chindapusa. Mayi akuti tingodikira miyezi inayi, phindu likwane K500,000, kenako zikagwa zigwe.

Mayi Nyirenda: Ifenso tinkawerenga choncho, kuti tingobweza mpamba kaye. Sitinafike.

Madalitso: Koma masamu a mayiwo si olakwika kwenikweni. Ngati akulipirabe, bwanji osakolola?

Aphunzitsi Gondwe: Zokololazo ndi ndalama za mphunzitsi wina wopuma amene waika mwezi uno. Ine sindingagone nazo tulo. Komanso palibe amene amadziwa mwezi womwe chitseko chitsekedwe.

Bambo Kachingwe: Ine ndikanatenga K400,000 lero, ngakhale K350,000, kusiyana ndi kudikira masiku 90. Lembani kalata yopempha ndalama, makope awiri, imodzi asayine ndi kudinda tsiku, mubwere nayo kunyumba. Akakana kusayina, lembani dzina la wokanayo ndi nthawi, mupite ku polisi ndi mapepala onse, nkhani zotere amaziona a nthambi ya Fiscal. Ndipo kampani ya Finance ija, ya mzinda wina, muiimbire. N'kutheka kuti ndi apachibaledi, n'kuthekanso kuti sakudziwa n'komwe kuti fotokope ya chilolezo chawo ili mu diloo ya munthu wina.

Nabanda: Imeneyo sindinaiganizire. Nambala yawo ili pa mndandanda womwe uja, ndiimba m'mawa. Kalata ndilemba usiku uno, koma ayenera kusayina ndi mayi poti lisiti ili m'dzina lawo, ndipo pano akuti akufuna afunse kaye mnzawo amene anawatengera kumeneko, amene anaika K2,000,000.

Mayi Nyirenda: Mnzawoyo mumutengenso popita. Akakhala awiri pa kauntala sawabweza msanga.